Momwe mungalembere abwana kupempha kuti mfundo zoperekera bonasi ya chaka chino zilembedwe

Pa msonkhano wa antchito wa mu Januwale abwana amaimirira n'kunena kuti, "Chaka chino tikalimbikira, bonasi ikhalapo." Anthu amaomba m'manja, aliyense n'kubwerera pa desiki yake ali ndi masamu akeake m'mutu. Wina wawerengera kale malata, wina fizi ya mwana wa ku sekondale. Disembala akakwana, uyu walandira yonse, uyo theka, winayo sanaone kanthu. Akafunsa amauzidwa kuti, "Simunafike pomwe timafuna." Pomwe amafunapo ndi pati, palibe anauzidwa.

Ndaona anthu olimbikira akutuluka mu ofesi ya abwana misozi ili m'maso chifukwa cha zimenezi, ndipo kawirikawiri sikuti abwanawo anali ndi nkhanza. Vuto linali loti muyezo sunalembedwe, ndiye aliyense ankayeza ndi mbale yake. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Lonjezo la pakamwa la bonasi ndi fodya wa pachala. Uthenga umene tikufuna kulemba pano ndi wopempha muyezowo, osati ndalama. Mukasokoneza ziwirizi, uthenga wanu umveka ngati dandaulo ndipo uyankhidwa ngati dandaulo.

Choyamba: werengani mapepala amene muli nawo kale

Musanalembe chilichonse, tulutsani kalata imene anakulemberani ntchito, buku la malamulo a pantchito ngati lilipo, ndi pesilipi ya mwezi umene munalandira bonasi chaka chatha. Si zachilendo kupeza kuti yankho la theka la mafunso anu lili pa tsamba limene munasayina osawerenga. Kufunsa abwana chinthu cholembedwa kale m'kontrakiti yanu kumakuchotserani mphamvu pa mafunso enieniwo.

Poŵerenga, yang'anitsitsani mneni amene agwiritsa ntchito. Pali makontrakiti onena kuti kampani idzapereka malipiro a mwezi wa 13 mu Disembala. Pamenepo ndi ngongole imene kampani ili nayo kwa inu, ndipo funso lanu ndi la tsiku lolipira basi. Ena amati wantchito adzalandira bonasi akakwaniritsa zimene agwirizana ndi womuyang'anira. Apa ndi pamene uthenga wanu uli ndi mphamvu kwambiri, chifukwa kontrakitiyo ikuyembekezera kuti pakhale mgwirizano, ndipo ngati sunalembedwe ndiye kuti pali ntchito imene yatsala. Enanso amati kampani ikhoza kupereka bonasi monga momwe akuluakulu aonera. Mawu akuti "ikhoza" amasiya chigamulo m'manja mwawo. Mukhozabe kufunsa zimene amayang'ana popanga chigamulocho, koma musalembe ngati munthu amene akulonjerera ngongole.

Za malamulo ndinene mwachidule. Lamulo la zolembana ntchito la ku Malawi la chaka cha 2000 silikakamiza olemba ntchito kupereka bonasi. Chimene limanena n'chakuti wantchito apatsidwe chikalata cholongosola za ntchito yake, kuphatikizapo malipiro ndi momwe amawerengedwera. Ndi bwino kuchidziwa chimenechi mumtima, koma musachiike mu uthenga woyamba. Bwana akaona ndime ya lamulo m'kalata yochokera kwa wantchito wake, amasiya kuganiza za funso n'kuyamba kuganiza za khoti la zantchito, ndipo kalatayo amaipititsa kwa ena m'malo moiyankha.

Chachiwiri: pezani funso limene ndalama zanu zabisalamo

Gawo ili ndi limene anthu ambiri amalidumpha, pomwe ndi lofunika kuposa kalembedwe. Mukalemba kuti, "Ndikupempha mundiuze momwe bonasi iyendere," mudzayankhidwa kuti, "Idalira kagwiridwe ka ntchito ndi momwe kampani yachitira." Yankho limenelo ndi loona, ndi lolembedwa, koma silikuthandizani chilichonse. Funso lotakata limabala yankho lotakata.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa katundu pa kampani yopikulitsa sopo, mafuta ophikira ndi zina zotere. Amalandira K600,000 pa mwezi, ndipo anamva pakamwa kuti akafika pa tageti yake ya K120 miliyoni pa chaka, bonasi yake ikhala malipiro a mwezi umodzi. Pofika pa 31 Disembala watulutsa katundu wa K126 miliyoni. Kwa iye nkhani yatha, wadutsa tageti ndi 5 peresenti. Koma ena mwa makasitomala ake ndi sukulu zogonera konko ndi masitolo amene amatenga katundu pangongole n'kulipira patatha miyezi iwiri kapena itatu. Ndalama zimene zalowa ku banki pofika tsikulo ndi K108 miliyoni zokha. A ku ofesi ya zachuma amawerenga ndalama zolowa, osati mainvoisi. Kwa iwo mayiyu wafika pa 90 peresenti. Ndiyeno pali lamulo lina limene sanauzidwe, loti bonasi imayambira pa 95 peresenti, kutanthauza K114 miliyoni. Munthu mmodzi, ntchito imodzi, chaka chimodzi: kuwerenga kwina akulandira K600,000, kuwerenga kwina sakulandira ngakhale tambala.

Palibe amene wanama pa nkhaniyi. Mawu akuti "malonda" ndi amene anali ndi matanthauzo awiri. Mayiyu akanadziwa mu Malichi kuti chowerengedwa ndi ndalama zolowa, bwenzi kuyambira Seputembala akuthamangitsa angongole, ndipo mu Novembala sakanaumirira kutulutsa katundu wambiri kwa anthu olipira mochedwa.

Ndiye khalani pansi ndi pepala, mudzifunse kuti pa ntchito yanu mawu a matanthauzo awiri ndi ati. Kwa wogulitsa ndi amenewa. Palinso funso loti tageti ili mu makwacha kapena mu makatoni. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera, ndipo munthu akanatha kufika pa tageti ya makwacha atagulitsa katundu wochepa kuposa chaka chathacho. Makampani amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ena amakweza tageti pakati pa chaka. Ngati sizinalembedwe kuti tageti ingasinthidwe liti komanso ndi ndani, mudzangomva kuti mpanda wasunthidwa inu muli pafupi kuudumpha. Kwa dalaivala, mawu ake akhoza kukhala "ngozi": kodi galimoto yogundidwa itaima imawerengedwa? Kwa wa maakaunti akhoza kukhala "pa nthawi yake": kodi lipoti lochedwa chifukwa nthambi ina sinatumize manambala limagwera ndani?

Kuwonjezera pa funso la ntchito yanulo, pali ena amene amakhudza pafupifupi aliyense. Chaka cha bonasi chimayamba liti ndi kutha liti? Makampani ambiri amatsata Januwale mpaka Disembala, koma chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo mabungwe ena amatsata chaka cha amene amawapatsa thandizo. Kodi pali mlingo woyambira, monga 95 peresenti ija, ndipo pakati pa mlingowo ndi tageti yonse munthu amalandira zingati? Ndi gawo lanji limene limadalira inu nokha, ndipo ndi lanji limene limadalira phindu la kampani yonse kapena malikisi amene abwana amakupatsani pounika ntchito yanu? Nanga munthu amene sanagwire chaka chonse, kaya analowa pakati, kaya anali pa tchuthi cha uchembere, kaya anadwala, amamuwerengera bwanji?

Musawatumize onse. Sankhani anayi kapena asanu amene yankho lake lingasinthe zimene mumachita Lolemba m'mawa. Kalata ya mafunso 12 imaoneka ngati ya ofufuza milandu, ndipo bwana wotanganidwa amaisiya kuti aione mawa, mawa lakelo osafika.

Chachitatu: nthawi yake, ndi kugogoda kaye

Nthawi yabwino ndi m'miyezi itatu yoyambirira ya chaka cha bonasi, kapena masiku ochepa mutangomaliza kukambirana ma tageti. Nthawi imeneyo palibe amene akudziwa ngati mupambana kapena ayi, ndiye funso lanu limamveka la munthu wofuna kugwira ntchito molunjika. Funso lomwelo mu Novembala limamveka la munthu amene waona kuti zikuvuta ndipo akukonza pothawira. Ngati chaka chapita kale patali, lembanibe, koma nenani poyera kuti mukufuna kudziwa poika mphamvu m'miyezi yotsalayi. Pewani sabata yotseka mabuku a mwezi, ndi tsiku limene mwangosemphana mawu ndi abwana pa nkhani ina.

Kwathu kuno kalata yofika mosayembekezera kuchokera kwa munthu amene umakhala naye ofesi imodzi imadabwitsa. Bwana amadzifunsa kuti, "Munthuyu timaonana tsiku lililonse, walemberanji? Akusonkhanitsa umboni?" N'chifukwa chake muyambe ndi pakamwa, mwachidule, pamene ali okha: "Bwana, pali zina zokhudza bonasi zimene sindikuzimvetsa bwino. Ndimati ndikulembereni kuti muyankhe mukapeza mpata, ndisakuimitseni panjira." Akavomera, uthenga wanu ufika ngati chinthu chimene analoleza okha. Akayamba kuyankha pomwepo, mvetserani, thokozani, kenako nenani kuti mulembabe zimene mwamva kuti musaiwale.

Chachinayi: lembani

Ngati kuntchito kwanu makalata amalembedwa m'Chingerezi, mulemba m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi omwewa. Nawu uthenga umene mayi uja akanalemba kumayambiriro kwa chaka. Pa mzere wa Subject aika mawu osabisa kanthu: "Pempho la mfundo zowerengera bonasi ya chaka chino".

*Bwana,*

*Zikomo pondilola kukulemberani, monga tinakambirana dzulo.*

*Pa msonkhano wa mu Januwale munatiuza kuti tageti yanga chaka chino ndi K120 miliyoni ndipo bonasi idalira kuikwaniritsa. Ndikufuna kukonza ntchito yanga mogwirizana ndi zimene kampani idzayang'ane kumapeto kwa chaka, choncho ndikupempha mundithandize ndi mayankho olembedwa pa mfundo izi:*

*1. Kodi K120 miliyoniyi ikuwerengedwa pa mainvoisi amene ndatulutsa, kapena pa ndalama zimene makasitomala alipira pofika pa 31 Disembala?*

*2. Kodi pali mlingo umene bonasi imayambira? Munthu akafika pakati pa mlingowo ndi tageti yonse amalandira motani?*

*3. Kodi bonasi yonse idalira malonda, kapena pali gawo lodalira kuunikidwa kwa ntchito yanga ndi phindu la kampani? Ngati lilipo, gawo lililonse ndi lalikulu bwanji?*

*4. Mitengo ikasintha kapena katundu akasowa m'nkhokwe kwa nthawi yaitali, kodi tageti imaunikidwanso? Amene amagamula ndi ndani?*

*Ngati pali chikalata chimene chikufotokoza kale zimenezi, kungonditumizira n'kokwanira. Ngati zina mwa izo si inu amene mumagamula, ndiuzeni woti ndimufunse.*

*Ndingathokoze nditalandira yankho pofika Lachisanu pa 14, chifukwa sabata yotsatirayo ndi pamene ndikonze ulendo wa makasitomala a miyezi itatu ikubwerayi.*

*Ine wanu,*

kenako dzina lake ndi udindo wake.

Taonani zimene zachitika mu uthengawu. Chiganizo choyamba chikukumbutsa kuti analoleza. Chachiwiri chikubwereza zimene abwana ananena, ndi nambala yake. Chimenechi n'chanzeru yaikulu: ngakhale abwana atayankha funso limodzi lokha, tageti ya K120 miliyoni tsopano yalowa papepala, ndipo ngati mayiyu anamva molakwa, awongoleredwa pano osati mu Disembala.

Chifukwa chimene wapereka ndi cha ntchito. Sananene za lendi, fizi kapena kukwera kwa mtengo wa chimanga, ngakhale zonsezo ndi zoona ndipo zimamupweteka. Mavuto a kunyumba ali ndi malo ake pokambirana zokweza malipiro. Mu uthenga uno amasokoneza, chifukwa bwana amayamba kuyankha za mavutowo ndi mawu achifundo, mafunso anayi aja n'kutsala osakhudzidwa.

Mafunsowo ali ndi manambala kuti bwana athe kuyankha pansi pa lililonse. Funso loyamba lamupatsa mayankho awiri oti asankhepo. Kufunsa kotere kumatseka njira ya yankho lozungulira, komanso kumamupeputsira ntchito, popeza akhoza kungolemba mawu atatu ali pa foni.

Mizere iwiri ija ya chikalata ndi ya "ngati si inu amene mumagamula" musaichotse. Mabwana ambiri apakati sadziwa okha momwe bonasi imawerengedwera. Nawonso amangolandira mndandanda kuchokera kumwamba. Kuvomereza zimenezi pamaso pa wantchito n'kochititsa manyazi, ndiye ena amasankha kukhala chete. Mukawatsegulira khomo loti anene kuti, "Ndifunsa kaye," mwawasungira ulemu, ndipo nthawi zambiri amakhala mbali yanu pokafunsako.

Tsiku la yankho laperekedwa pamodzi ndi chifukwa chake. Popanda chifukwa, tsiku limamveka ngati lamulo lochokera kwa wamng'ono. Popanda tsiku, simudzadziwa nthawi yoyenera kukumbutsa. Sabata imodzi kapena ziwiri n'zokwanira.

Pali zinthu zitatu zimene zimapha uthenga wotere. China ndi kutchula anzanu: "Ndamva kuti uje analandira zochuluka chaka chatha." Mukatero nkhani imasanduka yoti mwamva kwa ndani, ndipo mnzanu uja mwamuika m'madzi. China ndi kudzutsa za chaka chatha. Ngati muli ndi dandaulo pa bonasi yapita, limeneli ndi la kalata ina, tsiku lina. Chachitatu ndi kupepesa kosatha. Ulemu ndi wofunika, ndipo "Bwana" kapena "Madamu" ndi kulankhula kwa "inu" zikhalepo monga mwa masiku onse. Koma mizere itatu ya "pepani pokuvutitsani, mwina ndikulakwitsa, ngati n'zosatheka musadandaule" imauza wowerenga kuti inu nomwe simukuyembekezera yankho.

Chachisanu: potumizira

Tumizani pa imelo ya kuntchito, kwa bwana amene amakuyang'anirani mwachindunji, iye yekha. Musaike a ofesi yoona za antchito kapena bwana wamkulu pa CC mu uthenga woyamba, chifukwa kutero n'kumusumira munthu asanalakwe. Ngati malo anu antchito alibe imelo, lembani kalata, sindikizani makope awiri, imodzi ikhale yanu, ndipo lembanipo tsiku limene mwapereka. WhatsApp ndi yabwino pokumbutsa, koma uthenga wa pamenepo umakwiririka pansi pa ena, ukhoza kufufutidwa, ndipo foni ikatayika zonse zikhoza kupita. Ngati ndi njira yokhayo imene abwana anu amayankhira, jambulani zokambiranazo n'kuzisunga pena.

Sungani kope yanu kunja kwa kompyuta ya kuntchito, chifukwa tsiku limene mwasiya ntchito imelo imatsekedwa. Njira yosavuta ndi kusindikiza. Onetsetsani kaye malamulo a pakampani musanatumize makalata a kuntchito ku imelo yanu ya panokha, makamaka ngati muli manambala a makasitomala.

Chachisanu ndi chimodzi: yankho likakhala losakhala yankho

Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Tsiku lija likadutsa kuli zii, dikirani masiku awiri, kenako yankhani pansi pa uthenga womwe uja kuti zonse zikhale pamodzi: "Bwana, ndimangokumbutsa za pempho ili. Ngati mafunso onse atenga nthawi, loyambalo ndi limene likundiimitsa kwambiri." Kuchepetsa pempho kumathandiza kuposa kulibwereza mokweza.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti abwana amakuitanani mu ofesi n'kuyankha zonse pakamwa, mwaubwenzi, koma osalemba kanthu. Musakane. Lowani ndi kope ndi cholembera, lembani akulankhula, ndipo tsiku lomwelo, osati mawa, tumizani uthenga wotsimikiza:

*Bwana, zikomo chifukwa cha nthawi yanu lero. Kuti ndisasokoneze, nazi zimene ndamva: tageti ikuwerengedwa pa ndalama zolowa pofika pa 31 Disembala; bonasi imayambira pa 95 peresenti; magawo 70 pa 100 adalira malonda, 30 adalira kuunikidwa kwa ntchito. Ngati pali pomwe ndamva molakwa, chonde ndiwongolereni. Ndiyamba kugwira ntchito motsatira zimenezi.*

Uthenga wotere sulingana mphamvu ndi chikalata chosayinidwa ndi kampani, ndipo musadzinamize kuti kukhala chete kwa abwana ndi siginecha. Komabe uli ndi tsiku, uli ndi manambala, ndipo unapereka mpata wotsutsa. Akangoyankha kuti "Zili choncho," mwapeza chimene mumafuna. Mu Disembala kukambirana kudzayambira pa pepalalo, osati pa "ine ndikukumbukira kuti munati".

Yankho lina ndi loti, "Bonasi amagamula ndi a bodi, zimadalira phindu." Nthawi zambiri zimenezi n'zoona, koma ndi theka la nkhani. Akuluakulu amagamula kukula kwa thumba lonse. Kagawidwe ka thumbalo pakati pa antchito kamakhala ndi njira yake, ndipo malikisi amene bwana wanu amalemba za inu amalowamo. Ndiye bwezani funso laling'ono: "Ndamva kuti kuchuluka kwake sikungadziwike pano. Thumbalo likapezeka, gawo la munthu aliyense limadalira chiyani? Pa zimene inu mumandiunika, ndi ziti zimene zimalemera kwambiri?" Limeneli ndi funso limene bwana wanu angathe kuyankha popanda kufunsa aliyense.

Mukalandira mawu ngati "khama", "khalidwe labwino" kapena "kugwirizana ndi anzanu", musawanyoze, chifukwa pa ntchito zina ndi zinthu zenizeni. Pemphani chitsanzo. Funsani kuti munthu amene wapeza malikisi apamwamba pa "khama" amakhala atachita chiyani chimene wapakati sanachite. Bwana amene waganizapo amayankha msanga, mwina n'kunena kuti ndi kupereka malipoti Lachisanu lililonse osakumbutsidwa. Amene akuvutika kupereka chitsanzo ngakhale chimodzi wakuuzani chinthu chofunika: gawo limenelo lidzagamulidwa ndi momwe akumvera nthawiyo. Zikatero pemphani kuti muzikumana miyezi itatu iliyonse kuti akuuzeni pomwe muli, ndipo kukumana kulikonse kutsatiridwe ndi kauthenga kotsimikiza ngati kaja.

Nanga abwana akakwiya, n'kufunsa kuti, "Simukundikhulupirira?" Yankhani modekha kuti nkhani si iwo. Mabwana amasamutsidwa, amapita ku tchuthi, amasiya ntchito, ndipo wobwera m'malo mwawo sadzadziwa zimene munagwirizana. Chifukwa chimenechi n'choona, ndipo chimachotsa munga. Ngati mwakumbutsa kawiri popanda chilichonse, auzeni kaye kuti mukufuna kukafunsa ku ofesi yoona za antchito ngati kuli chikalata cha ndondomekoyi, kenako pitani. Kumene kuli bungwe la antchito, funsaninso nthumwi yanu, chifukwa nthawi zina mfundo za bonasi zimakhala mu mgwirizano wa bungwelo ndi kampani, ndipo zikatero si bwana mmodzi amene angazisinthe.

Ndinenenso chimene anthu sakonda kumva. Pali malo antchito kumene sadzalemba, ngakhale mutapempha mwaulemu wotani, chifukwa kusalembako ndi kumene kumawapatsa ufulu. Mukafika pozindikira zimenezi, musapitirize kugogoda mpaka ubale utawonongeka. Mwadziwa kuti bonasi ya pamenepo ndi mphatso imene ingabwere kapena ayi. Musatengere ngongole, musalonjeze nayo munthu, ndipo pokambirana za malipiro ulendo wotsatira limbikirani pa ndalama ya mwezi ndi mwezi.

Chomaliza: yesani yankho ndi masamu

Yankho lolembedwa likafika, musangothokoza n'kulisunga. Tengani pepala, yerekezani kuti chaka chatha, ndipo werengerani bonasi yanu katatu: mutachita bwino kwambiri, mutachita pakatikati, ndi mutalephera pang'ono. Ngati pena pake mukulephera kupeza nambala, ndiye kuti pali funso limene silinayankhidwe.

Mayi uja atayesa, gawo la malonda ndi 70 peresenti ya K600,000, kutanthauza K420,000, ndipo la kuunikidwa ndi K180,000. Akatolera K120 miliyoni n'kupeza malikisi onse, alandira K600,000. Pamenepo palibe vuto. Akatolera K108 miliyoni, K420,000 ija yapita. Koma nanga K180,000? Kodi mlingo wa 95 peresenti ukutseka bonasi yonse, kapena gawo la malonda lokha? Yankho la abwana silinanene. Akatolera K117 miliyoni, wadutsa mlingo koma sanafike pa tageti, ndipo sakudziwa ngati alandira K420,000 yonse, theka lake, kapena molingana ndi pomwe wafika. Mafunso awiri amenewa sakanawaona pongowerenga. Atuluka chifukwa choika manambala. Amabwerera ndi uthenga wa mizere itatu, wothokoza ndi wofunsa ziwirizo zokha, ataikamo zitsanzo za K108 miliyoni ndi K117 miliyoni kuti abwana angolemba nambala pambali pa chilichonse.

Kumbukirani kuti manambala onsewa ndi a ndalama isanadulidwe msonkho. Bonasi imadulidwa PAYE monga malipiro ena, ndipo popeza imawonjezereka pamwamba pa malipiro a mweziwo, gawo lalikulu limagwera pa mlingo wokwera wa msonkho. Imene idzalowe ku akaunti idzakhala yochepa kuposa ya papepala, choncho funsani a maakaunti akuwerengereni musanapange nayo bajeti. Funsaninso mwezi wolipira, ndi ngati munthu ayenera kukhala adakali pantchito tsiku lolipiralo. Makampani amene amadikira kuti owerengera mabuku amalize amalipira bonasi ya chaka chatha miyezi ingapo chaka chatsopano chitayamba, ndipo munthu amene wapereka notisi mu Januwale akhoza kutaya bonasi ya chaka chonse chimene anagwira.

Kuyambira pamenepo, tsegulani kabuku kapena tsamba limodzi la Excel lokhala ndi muyezo womwe uja abwana alemba. Mayi uja, pa mapeto a mwezi uliwonse, amapempha a maakaunti nambala ya ndalama zolowa pa makasitomala ake, n'kuiyerekeza ndi yake. Zikasiyana, monga pamene kasitomala walipira koma ndalamayo yalembedwa pa dzina la wogulitsa wina, amazikonza mwezi womwewo risiti idakali pafupi. Katundu akasowa m'nkhokwe, amalemba tsiku limene anatha, tsiku limene anafika, ndi maoda amene anabwezedwa pakatipo, n'kutumiza kwa abwana pansi pa uthenga womwe uja wa funso lachinayi.